Reach, kudina kapena makomenti: nambala yoti muikhulupirire posintha positi yotsatira

Amene amagulitsa katundu kudzera pa peji ya Facebook amafunsa funso limodzi mobwerezabwereza: positi yafika kwa anthu masauzande, nanga bwanji sipanapezeke wogula? Mu Meta Business Suite, chida choyendetsera peji, pa gawo la ziwerengero la `Insights`, muli manambala ambiri, koma amene amalimbirana maso a mwini peji ndi atatu: anthu amene positi yawafikira, amene adina, ndi amene alemba makomenti. Atatuwa sanena chinthu chimodzi, ndipo mukatsatira yolakwika mudzasintha chimene chinali bwino n'kusiya chimene chikukubwezani m'mbuyo.

`Reach` ndiyo nambala yaikulu kuposa zinzake, n'chifukwa chake imasangalatsa. Imawerenga maakaunti amene positi inaonekera pa foni zawo, ngakhale munthuyo anangodutsa osawerenga. `Views` imakwera kuposa pamenepo chifukwa munthu mmodzi akaona katatu, amawerengedwa katatu. Ntchito yaikulu ya `Reach` ndi kukhala nambala yogawira zinazo. Ikatsika mwadzidzidzi poyerekeza ndi mapositi 10 apitawa, yang'anani ola limene munaponya positi, chithunzi ndi mzere woyamba. Za mtengo wa katundu wanu sikuuzani chilichonse.

Pa kudina m'pamene anthu amaluza ndalama, makamaka akalipira podina `Boost post` kuti positi ifikire anthu ambiri. Mu Ads Manager, chida cha Facebook choyendetsera mapositi olipira, muli manambala awiri ofanana maina koma osiyana kwambiri. `Clicks (all)` imaphatikiza kudina kulikonse: kutsegula chithunzi kuti chikule, kudina `See more`, kudina dzina la peji, ngakhale kuika laiki. `Link clicks` imawerenga kudina kwa pa linki kokha. Munthu amaona 640 pa nambala yoyambayo, n'kuganiza kuti anthu 640 anafuna kugula, n'kuwonjezera ndalama pa positi imene anthu amangoikuza chithunzi. Choipa kwambiri n'chakuti mukasankha cholinga chofuna malaiki ndi makomenti, Facebook imakusakirani ndendende anthu okonda kuika malaiki. Ndalama imapita, lipoti limaoneka lokongola, koma m'sitolo simulowa munthu. Ine njira imeneyi sindiilangiza kwa wogulitsa aliyense, pokhapokha cholingacho atachiika pa mauthenga kapena pa linki.

`Link clicks` nayonso ili ndi dzenje lake, ndipo kwathu kuno dzenjelo ndi lakuya. Anthu ambiri amagula mabandulo a Facebook kapena WhatsApp okha. Woteroyo akadina linki yopita ku webusaiti yanu, kudinako kumawerengedwa, koma tsamba silitseguka chifukwa bandulo yakeyo sifika kunja. Kuti mudziwe ngati izi zikuchitika, yerekezani `Link clicks` ndi `Landing page views`, nambala ya amene tsamba linawatsegukiradi, imene imadalirika mukaika pa webusaitiyo Meta Pixel, kachida ka Facebook kowerengera olowa pa tsamba. Ngati adina 100 koma afika 30, musakhudze mawu a positi. Vuto lili pa tsamba lolemera kapena pa bandulo, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa kukula kwa zithunzi za pa tsambalo, kapena kulozera anthu ku Messenger ndi WhatsApp m'malo mwa webusaiti.

Tiyerekeze sitolo ya zitenje imene yaponya mapositi awiri sabata imodzi, ndipo manambala awerengedwa patatha masiku 7 pa positi iliyonse. Yoyamba ndi kanema wa mtsikana akuvina atavala chitenje chatsopano. Yafikira anthu 8,000, `Clicks (all)` ndi 640, `Link clicks` ndi 40, makomenti ndi 95, ndipo olemba uthenga wofuna kugula ndi 3. Yachiwiri ndi chithunzi wamba cha zitenje zinayi, mtengo walembedwa pamzere woyamba. Yafikira anthu 1,500 okha, `Link clicks` ndi 60, makomenti ndi 14, olemba uthenga ndi 22.

Gawani odina linki ndi anthu ofikiridwa. Kanema uja wapereka 40 mwa 8,000, kutanthauza munthu mmodzi mwa 200 alionse. Chithunzi chija chapereka 60 mwa 1,500, munthu mmodzi mwa 25 alionse. Wotsatira `Reach` anganene kuti tijambule makanema ena ovina. Wotsatira kugawaku aona kuti kanemayo amakoka maso koma sauza munthu chochita, ndiye sabata yotsatira aponyanso kanema wonga yemweyo ataika mtengo pamzere woyamba, `See more` isanaudule. Asasinthe china chilichonse, ola likhale lomwelo, tsiku la sabata lomwelo. Akasintha mtengo, ola ndi chithunzi nthawi imodzi, sadzadziwa chimene chagwira ntchito.

Tsopano makomenti, amene ine ndimawaika patsogolo pa zonse, bola aziwerengedwa mawu ake osati kuchuluka kwake. Makomenti 95 a pa kanema uja akhoza kukhala "wachena", timitima ndi anthu oitana anzawo kuti adzaone kuvinako. Tengani kope, lembani mizere inayi, ndipo komenti iliyonse muiike pamzere wake: ofunsa mtengo, ofunsa malo kapena katumizidwe, odandaula, ndi oyamikira chabe. Mzere womalizawo usakutengereni nthawi. Itatu inayo ikukulemberani positi yotsatira. "Ndi zingati?" ikachuluka, mtengo sukuoneka, ndipo kuyankha aliyense kuti "bwerani ku inibokosi" kumathamangitsa ogula amene safuna kunenerera mtengo mobisa. "Muli kuti?" ndi "Ku Mzuzu mumatumiza?" zikubwera chifukwa simunalembe malo ndi ndalama yotumizira. Anthu atatu osadziwana akanena kuti mtundu wa pa chithunzi ndi wosiyana ndi umene analandira, sinthani kajambulidwe, muzijambula panja pamthunzi masana.

Kufooka kwa makomenti n'kwakuti olemba ndi ochepa, ndipo ndi anthu olankhula kwambiri. Komenti imodzi yaukali si chifukwa chotsitsira mtengo, dikirani ione anzake pa mapositi angapo. Musawapemphenso mwachinyengo ndi mawu onga "lembani INDE ngati mwakonda". Kuyambira mu Disembala 2017 Facebook imatsitsa mapositi otere, ndipo ma INDE amenewo sakuphunzitsani kanthu.

Chotsala ndi kudziwa kuti uthenga wa pa WhatsApp wachokera pa positi iti, pakuti `Insights` sikutsatira munthu akachoka pa positi yosalipira n'kukalemba kumeneko. Njira yosalira ndalama ndi kupatsa positi iliyonse linki yake yokhala ndi mawu olembedwa kale:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndaona%20chitenje%20A1
```

Nambala ilembedwe popanda 0 woyamba ndi chizindikiro cha +, ndipo `%20` imaimira mpata pakati pa mawu. Positi yotsatira muike A2. Pakutha pa sabata sakani "A1" ndi "A2" mu WhatsApp, muwerenge macheza amene atuluka, n'kulemba pambali amene anafika polipira. Ena amafufuta mawuwo asanatumize, choncho nambala yanu idzakhala yocheperapo pang'ono kuposa yeniyeni, koma kuchepako kumagwera mapositi onse mofanana ndipo kuyerekeza kumathekabe.

Mwa manambala atatu aja, chosintha chizichokera m'makomenti osanjidwa m'mizere ija, ndipo `Link clicks` yogawidwa ndi `Reach`, pamodzi ndi mauthenga a A1 ndi A2, izitsimikiza ngati kusinthako kwathandiza. Ndalama ya `Boost post` muziiika pa positi yokhayo imene yabweretsa kale mauthenga popanda kulipira, monga chithunzi cha zitenje zinayi chija, ndipo cholinga muchiike pa mauthenga.