Suti ya chitenje patatha miyezi 7: zomwe zithunzi zinaulula ndi zomwe zinabisa

"Achemwali, suti ija munaiona pa zithunzi n'kunena kuti tikatenge kwa atelala, panopa ikuoneka bwanji? Zithunzi zinanena zoona?"

Zinanena zoona pa bulauzi, mayi, koma pa siketi zinangonong'oneza. Sutiyi inasokedwa kuchokera pa chitenje cha thonje cha mayadi 4, cha maluwa ozungulira akuluakulu okhala ndi timasamba m'kati. Yavalidwa kutchalitchi ndi kumaukwati, ndipo imachapidwa pamanja ndi madzi ozizira.

Msoko wa kumbuyo kwa bulauzi sunasinthe. Pa chithunzi theka la duwa la kumanzere linakumana ndi la kumanja pa zipi kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, ndipo lero ali pomwepo. Maluwa oduka pa madati a pachifuwa musawawerengere mlandu, dati limadya nsalu basi. Chimodzimodzi m'mbali mwa siketi yotambasuka kumusi: misoko yake ndi yopendekeka, ndiye maluwa akangokhala pa mzere umodzi pa mahipi, telala wachita mbali yake.

Nkhani ili pa msoko wapakati kumbuyo kwa siketi. Pa chithunzi maluwa anakumana bwino m'chiuno, koma pofika kumpendero anali atasiyana pafupifupi sentimita imodzi. Kusiyana kotere kuli mitundu iwiri. Ngati maluwa aphonyana mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, telala anangophonya podula, ndipo sizidzaipiraipira. Koma ngati mpata ukukula mukamatsika, mbali ziwirizo sizikuyenda limodzi: mwina makina anakoka mbali imodzi, mwina nsalu zinadulidwa moyang'ana kosiyana.

Pa siketiyi chinali chachiwiricho. Mayadi 4 anachepa chifukwa kugwirizanitsa maluwa akuluakulu kumataya nsalu yambiri, ndiye theka limodzi linadulidwa motsata utali wa chitenje, linalo mopingasa. Duwa lozungulira limaoneka chimodzimodzi ngakhale mulitembenuze, n'chifukwa chake diso linadutsa. Mukakuza chithunzi chija, timasamba ta kumanzere taloza kumwamba, ta kumanja taloza cham'mbali. Umboni unalipo tsiku loyamba lomwe.

Thonje limabwerera likachapidwa, ndipo kawirikawiri limabwerera kwambiri m'litali kuposa m'lifupi. Pa siketi yotalika masentimita 90, kubwerera kwa magawo atatu okha pa 100 alionse ndi pafupifupi masentimita 3. Lero maluwa a kumpendero asiyana masentimita awiri ndi theka, msoko wachita makwinya oti simbi siwathetsa, ndipo mpendero wakwera mbali imodzi. Layining'i ndi ya poliyesitala, yosabwerera, choncho yayamba kusuzumira pansi. Iyi njosavuta, amangoipinda. Maluwawo ndiye alibe mankhwala. Chitenje chikanaviikidwa m'madzi, kuyanikidwa ndi kusitidwa chisanadulidwe, ndiponso pakanagulidwa mayadi 6, zonsezi sizikanachitika.

Za kukwana m'thupi, chitenje chatsopano n'chabodza. Chimakhala cholimba ndi mankhwala a kufakitale, chimaima chokha, ndipo maluwa ambirimbiri amabisa makwinya. Osayang'ana makwinyawo, yang'anani maluwa. Pa chithunzi cha m'mbali, duwa la pa hipi linali litaphwatalala pang'ono ngati dzira logona, pomwe anzake a kumusi anali ozungulira bwino. Nsalu inali ikukokedwa. Siketiyi inapatsidwa mpata wa masentimita awiri okha pa mahipi, pomwe nsalu yosatamuka ngati iyi imafuna 4 kapena 5 kuti munthu akhale pansi momasuka. Nsalu itafewa, mizere yopingasa inaoneka pansi pa mimba, ndipo ulusi wa msoko wa m'mbali unayamba kuonekera. Mizere yopingasa ndi kuthina, yotsika ndi kukhwepa.

Mwayi wake atelala anasiya masentimita awiri m'kati mwa msoko uliwonse wa m'mbali. Kumasula sentimita imodzi mbali iliyonse kwawonjezera masentimita 4 kuzungulira, ngakhale kamzere ka msoko wakale kakuoneka chifukwa nsalu ya m'kati sinasuluke ngati yakunja.

Chithunzi cha suti ili pa hang'ala kapena pa chidole cha m'shopu chimathandiza pa maluwa okha. Atelala ena amamanganso mapini kumbuyo kwa chidole kuti chiuno chioneke chogwira. Pemphani mwini suti aivale, aime mowongoka manja ali pansi, pafupi ndi windo masana. Wojambula atalikire mamita awiri kapena atatu, foni ili pa msinkhu wa chiuno, chifukwa kujambula kuchokera pamwamba kumabisa mpendero wopendekeka. Ajambule kutsogolo, kumbuyo, m'mbali ndi atakhala pampando, kenako chimodzi chapafupi cha msoko wa kumbuyo ndi china siketi itatembenuzidwa. Potumiza pa WhatsApp asankhe Document, apo ayi chithunzi chimachepetsedwa ndipo timasamba tija simutiona mukakuza.