Miyezi isanu ndi itatu ndikugulitsa zakale za agogo: okushoni kapena mtengo woikiratu

"Achimwene, ndapeza makobiri obowola pakati, masheleni a Kamuzu ndi makalata akale m'sutikesi ya malemu bambo. Inu munayamba kale kugulitsa kunja. Ndiike mtengo wanga kapena ndiponye pa okushoni?" Anandilembera choncho mnzanga wa ku Kasungu sabata yatha.

Achimwene, musaike kanthu kaye. Yambani mwapatula katunduyo pawiri: zimene anthu ena ambiri ali nazo, ndi zimene mwina muli nazo nokha. Ine zimenezi ndinazidziwa mochedwa, ndalama zitapita kale.

Ndinayamba mu Febuluwale. Ndili kuno ku Mchinji, ndipo sindigulitsa ndekha. Katundu ndinapatsira mlamu wanga popita ku Mangalande, n'kukasiya kwa mkulu wina wakwathu konkuno amene amagulitsira anthu zinthu pa eBay, msika wa pa intaneti. Pa chilichonse chimene waika amatenga paundi imodzi, kenako 20 pa 100 iliyonse chikagulidwa. Zithunzi amajambula bwino, katundu amamanga bwino, ndipo palibe wogula anadandaulapo kuti chinthu chafika chitawonongeka. Ndalama zimafika pafoni, ngakhale nthawi zina mpaka ndikumbutse kawiri. Nkhani yanga yagona pa njira yogulitsira.

Mkuluyu amakonda okushoni yoyambira pa mapeni 99. Anandiuza kuti mtengo wotsika umakoka anthu, akakanganirana umakwera wokha. Ndinavomera, chifukwa m'maganizo mwanga ndinkaona okushoni ya fodya. Inu mukuidziwa bwino ya ku Chinkhoma: ogula amayenda limodzi mumzere wa mabelo, onse alipo tsiku lomwelo, ndipo akalikana belo lanu limabwerera, simunaligulitse. Pa intaneti si choncho. Ogula sabwera limodzi, ndipo munthu mmodzi yekha akangoponya mtengo woyambira, katundu wapita. Mukafuna kuti chisagulidwe pansi pa mtengo wina, pali chotchedwa reserve price, koma chimenechi n'cholipira, ndipo ogula ambiri akaona kuti chilipo amangodutsa.

Chinthu choyamba kundipweteka chinali ndalama yaikulu ija ya masheleni asanu ya 1966, yokumbukira tsiku limene Malawi anakhala lipabuliki, pa 6 Julaye. Ndinali nazo ziwiri. Ine ndinkaiona ngati chinthu chosowa, poti kuno sindinaionepo ndi munthu wina. Inakhala masiku 7 pa okushoni, anaponya munthu mmodzi, inapita pa mapeni 99. Kuchotsapo paundi ya mkulu uja, ndinatsala ndi ngongole. Masheleni a 1964 a chimanga, ndi masikisipensi a tambala, anayenda chimodzimodzi: ina paundi imodzi ndi mapeni 20, ina osaponyedwa n'komwe.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo mukachimvetsa ndiye kuti mwamva zonse. Wogula akamaponya salemba mtengo umene alipire, amalemba malire ake, ndalama zimene sangapitirire. Makina ndiwo amamuponyera pang'onopang'ono, kungomupitiriza pang'ono pa mnzake. Ndiye munthu akalemba mapaundi 10 koma palibe wopikisana naye, amalipira mapeni 99 omwewo. Mtengo womaliza saupanga wopambana, amaupanga wachiwiri amene wagonja. Tsono ndalama ya 1966 ija, tsiku lililonse ilipo kwa ogulitsa angapo. Munthu angalimbirane yanga chifukwa chiyani, pamene ina ili pomwepo?

Mwana wa mchemwali wanga ndiye anandionetsa pa foni pamene pali Sold items. Mukasakasaka dzina la chinthu n'kudina pamenepo, mumaona zimene zinagulidwadi m'masiku 90 apitawa ndi mitengo yake, osati mitengo imene anthu akungolakalaka. Ndalama ya 1966 inali itagulidwa kangapo, pakati pa mapaundi 6 ndi 10. Yachiwiri ija ndinaumirira kuti aiike pa mtengo woikiratu, umene amati Buy It Now, mapaundi 9, n'kutsegula Best Offer kuti wofuna kunenerera anenerere, koma zochepera mapaundi 7 makina azikana okha. Inakhala masabata 7 osagulidwa. Mtima unkandiwawa, ndinkaitsegula m'mawa uliwonse ndisanapite kumunda. Kenako wina ananenerera mapaundi 8, tinavomera. Ndalama yofanana, yochokera m'chitini chimodzi: ina mapeni 99, ina mapaundi 8. Choncho makobiri anu obowola a nthawi ya Chitaganya, a njovu ndi a nyamalikiti aja, komanso masheleni a Kamuzu, aikeni pa mtengo woikiratu. Ndi bwinonso kuwaphatikiza angapo n'kugulitsa ngati mulu umodzi, chifukwa kobiri limodzi palokha limadyedwa ndi mtengo wotumizira. Ndipo musawatsuke ndi phulusa kapena mandimu kuti awale. Osonkhanitsa amaona msanga kobiri lokwechedwa, ndipo amalitsitsa mtengo.

Mu Meyi ndinali nditaida okushoni. Ndinauza akazi anga kuti ndi njira yoperekera katundu waulere. Ndiye panabwera nkhani ya envulopu.

Agogo aamuna ankagwira ntchito ku Halale, ndipo makalata amene ankalandira kuchokera kumudzi anabwera nawo pobwerera. Imodzi inali ya 1952, yotumizidwa mwa rejisitala, ili ndi masitampa atatu a Nyasaland a nkhope ya Mfumu George VI. Pamwamba pake pali chidindo chozungulira chowerengeka bwinobwino: Fort Manning, dzina lakale la boma la Mchinji. Kalata ya m'kati ndinatulutsa, ili kunyumba, imeneyo siyogulitsa. Envulopuyo inali yofiirira ndi ukalamba, ngodya imodzi itadyedwa ndi njenjete. Mlamu wanga ankati tingomatula masitampawo. Mwamwayi sitinatero, chifukwa masitampawo paokha ndi wamba. Chimene osonkhanitsa amafuna ndi envulopu yathunthu yokhala ndi chidindo cha positi ofesi yaing'ono, kumene makalata ankachoka ochepa.

Pa Sold items sindinapeze yofanana nayo ngakhale imodzi. Zinalipo za chidindo cha Blantyre, Limbe ndi Zomba, koma ya kwathu ayi. Ndikanati ndiike mtengo ndekha ndikanalemba mapaundi 10, ndipo ndikanasangalala. Apa ndi pamene ndinaona kuti okushoni ili ndi malo ake: sindikudziwa mtengo, palibe poonera, ndipo amene akuifuna sangaipeze kwina sabata yamawa. Tinagwirizana zinthu zitatu. Iyambire pa mapaundi 9.99, mtengo umene ndikanaulandira popanda kudandaula ngati aponya mmodzi yekha. Ikhale masiku 10, amene ndi ochuluka kuposa onse ololedwa, kuti ipyole Loweruka ndi Lamlungu kawiri. Ndipo ithe Lamlungu 8 koloko madzulo ku Mangalande, kuno ili 9 koloko, anthu ali m'nyumba. Pamutu tinalemba Nyasaland, 1952, Fort Manning, chifukwa ndi mawu amene wosonkhanitsa amasaka.

Masiku asanu ndi anayi inangoima pa mapaundi 12. Koma mkulu uja anandiuza kuti anthu 14 aiika pa mndandanda wa zimene akuziyang'anira, pamene ndalama zija zinkakhala ndi mmodzi kapena awiri. Chizindikiro chake n'chimenecho. Lamlungulo magetsi anali atazima, ndinakhala pakhonde ndi foni, batire yatsala pang'ono, akazi anga atagwira tochi. Kutatsala mphindi imodzi inali pa 12 pomwepo. Ndinatsegulanso tsamba, 31. Ndinatsegulanso, yatha: mapaundi 86. Anthu odziwa amadikira masekondi omaliza, chifukwa okushoniyi imatseka pa nthawi yake, siwonjezera nthawi ngakhale wina aponye kumapeto. Pa mndandanda wa oponya zinaoneka kuti wachiwiri analemba 84, ndipo wopambana anangomupitirira ndi mapaundi awiri. Zolipira zonse ndi gawo la mkulu uja zitachoka, zimene zinandifika zinakwana fizi ya mwana ya teremu yonse. Usiku umenewo ndinamuimbira foni kumuthokoza.

Chimene chandilembetsa motalika chonchi ndi chimene chinachitika pambuyo pake. Panali envulopu ina ya Fort Manning, ya 1953, yooneka bwino kuposa yoyamba. Ndinamuuza pa foni kuti aisunge kaye tikambirane. Patatha masabata atatu ndinangoiona ili pa okushoni, kuyambira pa 9.99, ndipo wina anali ataponya kale. Ndinamulembera kuti aichotse. Anayankha kuti kuchotsa chinthu choponyedwa kale kumaipitsa mbiri ya sitolo yake, ndipo kuti yoyamba ija inayenda bwino, ndidekhe. Inatha ndi woponya mmodzi yekhayo. Mkuluyo anavomera yekha kuti woponyayo anali yemwe uja anagonja pa 84. Mnzake wopikisana naye anali atapeza kale yake, sanabwerenso. Munthu amene anasonyeza poyera kuti angalipire mapaundi 84 anaitenga pa 9.99.

Apa panalibe chifukwa cha okushoni, pakuti mtengo tinali titaudziwa ndipo wogula tinkadziwa kuti alipo. Inayenera kupita pa Buy It Now, mwina mapaundi 80, Best Offer ili yotsegula, n'kudikira ngakhale miyezi iwiri. Mpaka lero zimandiwawa, makamaka poti ndi dzanja la agogo aakazi linalemba adiresi ija. Ndinazindikiranso kuti zofuna zathu ndi mkuluyu sizifanana kwenikweni. Iye ali ndi katundu wa anthu ambiri, amafuna zinthu zizichoka msanga m'nyumba mwake, ndipo paundi yake amalandira ndithu kaya chapita pa mtengo wanji. Ine envulopu za Fort Manning zinali ziwiri zokha.

Tinakangana, ndipo mwezi wonse wa Julaye sitinalankhulane. Anabweza gawo lake la envulopu yachiwiri, mapaundi atatu, popanda kupepesa. Ndinaganiza zoitanitsa katundu wanga yense, koma kutumiza kokha kukanadya phindu la miyezi iwiri, ndipo wina wodalirika kumeneko ndilibe. Ndiye tapitiriza, koma tsopano chilichonse chimalembedwa pa WhatsApp asanachiike: njira yake, mtengo woyambira, tsiku lotha. Popanda ine kuyankha kuti inde, saika.

Pa zinthu 23 zimene zagulidwa, 6 zokha ndi zimene zinayenda bwino pa okushoni, ndipo zonsezo zinali mapepala: maenvulopu ndi mapositikhadi. Zachitsulo zonse zimene zinandipatsa phindu zinapita pa mtengo woikiratu, zina zitadikira mpaka miyezi itatu. Ngati mukufuna ndalama ya feteleza mwezi uno, kudikira kumeneko kukuvutani, ndipo mudzakopeka kuponya zonse pa okushoni monga ndinachitira ine.

Makalata anuwo musamatule sitampa ngakhale imodzi. Jambulani envulopu iliyonse kutsogolo ndi kumbuyo, padzuwa koma osati lowala kwambiri, chidindo chiwerengeke. Ngati mwapeza ziwiri za chidindo chimodzi, monga Kasungu kapena Dowa, tumizani imodzi yokha, inayo ikhale m'sutikesi momwemo mpaka yoyamba itatiuza mtengo. Munditumizire zithunzizo Loweruka, tidzaonere limodzi pa Sold items.