Zala 6, mano omatana ndi khutu lobwereka: chigamba chiti chimagwira?

Msuweni wanga anandipempha kuti ndimupangire chithunzi atavala jekete, kapu ya tiyi ili m'manja, akumwetulira. Ananditumizira yekha chithunzi cha nkhope yake, ine n'kuchilowetsa mu InstantID, pulogalamu ya AI yojambula munthu potengera nkhope yake, yomwe imayenda pa SDXL, mtundu wa modelo yojambula zithunzi ya Stable Diffusion, pa saizi ya 832 x 1216. Nkhope inatuluka yake ndithu, moti ngakhale mayi ake sakanatsutsa. Koma dzanja logwira kapu linali ndi zala 6, mano akutsogolo anamatana ngati kandulo wosungunuka, ndipo khutu linali laling'ono, losalala, la munthu wina. Ndinayesa njira zingapo zokonzera, ndipo ndinaona kuti njira yochiza dzanja ndi yomwe imaononga mano. Matenda atatuwa ndi osiyana, choncho tiyambe ndi gwero lake.

InstantID ndi inzake yofanana nayo, IP-Adapter FaceID, siziona chithunzi cha munthu monga mmene inu mumachionera. Zimayamba zachipereka kwa modelo yozindikira nkhope ya InsightFace. Iyoyo imapeza madontho 5, awiri a maso, limodzi la nsonga ya mphuno, awiri a m'mbali mwa pakamwa, n'kudula kachithunzi ka mapikiselo 112 x 112, kenako n'kukafinya kukhala manambala 512. Manambala amenewo ndiwo munthu wanu. Dzanja mulibemo. Makutu amagwera m'mphepete mwa kachithunziko, mwina obisika ndi tsitsi kapena chifukwa mutu watembenuka. Nanga mano? Modelo yozindikira nkhope inaphunzitsidwa kuti imudziwe munthu kaya waseka kaya watseka pakamwa, ndiye chinthu chooneka lero n'kubisika mawa siichiwerengera kwenikweni. Zonse zimene manambala 512 aja sananyamule, modelo yojambula imadzazamo zongopeka.

Gwero lachiwiri ndi kuchepa kwa malo. Stable Diffusion simajambula pikiselo imodziimodzi. Imagwira ntchito pa chithunzi chofinyidwa ka 8 m'litali ndi m'lifupi, kotero kabokosi kamodzi kamaimira mapikiselo 8 x 8. Pa chithunzi cha msuweni wanga dzanja linali pafupifupi mapikiselo 130, kutanthauza timabokosi 16. Chala chimodzi, cha mapikiselo 20 m'lifupi, chinali ndi timabokosi tiwiri ndi theka. Dzino, la mapikiselo 9, kabokosi kamodzi basi. Mzere wolekanitsa dzino ndi linzake ulowa pati? Onjezani kuti zala ndi mano ndi zinthu zofanana zondandalikana, ndipo modelo imadziwa kuti pambali pa chala pamabwera chala china, koma siwerenga kuti zakwana.

Anthu ambiri amathamangira kaye ku CodeFormer kapena GFPGAN, chifukwa n'kungodina kamodzi. Izi zimadula nkhope, n'kuijambulanso pa 512 x 512. Pa mano zimathandizadi, mizere imabwerera. Koma zimaika mano a aliyense, oyera mbee, ofanana ngati a pa chikwangwani cha mankhwala otsukira mkamwa. Msuweni wanga ali ndi mpata pakati pa mano awiri akutsogolo, umene kwawo amati ndiwo ukongola wake, ndipo CodeFormer inautseka. Inasalazanso khungu n'kusintha pang'ono maso. Dzanja siilikhudza n'komwe. Kwa ine iyi ndi njira ya nkhope zazing'ono za anthu a kumbuyo, osati ya mwini chithunzi.

Mpikisano weniweni uli mu `Inpaint` ya AUTOMATIC1111 kapena Forge, mapulogalamu oyendetsera Stable Diffusion, pomwe mumapaka malo oonongeka kuti ajambulidwenso, monga telala amaika chigamba. Pamenepo pali `Whole picture` ndi `Only masked`. Mukasankha `Whole picture`, modelo imaona chithunzi chonse pa saizi yake yomweyo, ndiye dzanja limakhalabe ndi timabokosi 16 tomwe tija. Mwangoponyanso maere. Ndinayesa ka 8, zala zinkangosinthana malo. Ubwino wake ndi umodzi: modelo ikuona phewa, chigongono ndi kumene kukuchokera kuwala, choncho siilakwitsa kuti ili ndi dzanja lamanja kapena lamanzere.

`Only masked` imadula malo opakidwawo pamodzi ndi mpata wowazungulira, n'kuwakuza kufika pa saizi imene mwaika, n'kujambula, kenako n'kuwachepetsa ndi kuwamata pamalo pake. Ndinapaka dzanja la mapikiselo 130, ndinaika mpata wa 64 mbali iliyonse, zonse pamodzi pafupifupi 256. Pa 1024 x 1024 ndiye kuti lakula kanayi. Chala chija cha timabokosi tiwiri ndi theka tsopano chili ndi 10. Apa mfundo za zala ndi zikhadabo zimapeza pokhala.

```
Inpaint area: Only masked
Only masked padding, pixels: 64
Masked content: original
Mask blur: 8
Denoising strength: 0.55
```

Mpata uja musauone mopepuka. Pulogalamu imabwera itaika 32, ndipo pa dzanja nthawi zambiri n'ngochepa. Modelo ikapanda kuona mkono ndi chogwirira cha kapu, imajambula dzanja lokongola koma chala chachikulu chili mbali yolakwika. Pali zina ziwiri zimene ndinaphunzira movutikira. Zimitsani InstantID pokonza dzanja, ndipo chotsani mawu onse ofotokoza munthu, musiye ofotokoza dzanja logwira kapu okha. Mukasiya zonse zili choyaka, modelo imapatsidwa kachidutswa kopanda nkhope kwinaku ikuuzidwa kuti ijambule munthu, ndipo `Denoising strength`, mphamvu imene modelo imasinthira malo opakidwa, ikakwera mumapeza kankhope kakusuzumira pachikhatho.

Ngakhale zili choncho, kukuza kokha sikuchotsa chala cha 6. Pa 0.4 chinangokongoletsedwa, chinapatsidwa ndi chikhadabo chomwe. Pa 0.8 chinachoka, koma dzanja linasiya kapu. Apa ndi pamene njira ziwiri zina zimalimbirana.

Yoyamba ndi `depth_hand_refiner` ya mu ControlNet, chida chotsogolera modelo pojambula, yochokera ku HandRefiner. Imagwiritsa ntchito modelo ya MeshGraphormer kuyerekeza chigoba cha dzanja lenileni pamwamba pa loonongekalo, n'kutulutsa mapu osonyeza chapafupi ndi chapatali. Chigobacho chili ndi zala zisanu nthawi zonse, ndiye kuwerenga kwatha. Pa dzanja lotambasula kapena loloza ndi yabwino kwambiri. Koma modelo ya ControlNet imene inaphunzitsidwira mapuwa ndi ya SD 1.5, Stable Diffusion yakale, pa SDXL mumadalira ina yozindikira kuya wamba. Komanso dzanja likaonongeka kwambiri, kapena zala zikabisika kuseri kwa chinthu, siilipeza. Muzidziwa poona mapuwo musanajambule: akatuluka akuda bii, kapena zala zapindikira kumene sizingapindikire, musataye nthawi. Pa kapu ya msuweni wanga inaika zala zonse kutsogolo kwa kapu, ngati akuisisita.

Yachiwiri ndi yachikale, ndipo ndi imene inapambana. Ndinatsegula chithunzi mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi pamanja, ndinatenga mtundu wa kapu n'kufufuta nawo chala choonjezeracho, mosasamala kukongola. Kenako ndinabwerera ku `Only masked` pa 0.55 ndi kutulutsa zithunzi zinayi. Ziwiri zinali bwino. Chifukwa chake n'chakuti pa mphamvu yapakatikati modelo imatsatira mitundu ndi maonekedwe amene yawapeza. Mukaipatsa zala zisanu zojambulidwa mwachibwana, imazisandutsa zala zisanu zenizeni.

ADetailer ndi `Only masked` yodziyendetsa yokha. Imapeza dzanja ndi `hand_yolov8n.pt` kapena nkhope ndi `face_yolov8n.pt`, n'kukonza pa 0.4 ngati simunasinthe. Pa zithunzi 50 imapulumutsa nthawi, ndipo imanola dzanja limene linali lolondola kale. Chala choonjezera siichiona ngati vuto.

Mano amafuna zosiyana ndi dzanja. Pakani mano okha, milomo ndi m'mbali mwa pakamwa musakhudze, chifukwa m'mene munthu amamwetulira ndi mbali ya nkhope yake. Tsiku loyamba ndinapaka pakamwa ponse pa 0.6, mano anatuluka bwino koma msuweni wanga anasanduka mchimwene wake. Mphamvu ikhale yotsika, 0.3 kufika 0.4, popeza malo a mano alipo kale, chikusowa ndi mizere yokha. Mpata wozungulira ukhale waukulu ndithu kuti mphuno ndi chibwano zioneke, apo ayi modelo imakuza mano kapena kuika mzere wachiwiri. Poyesa ngati zatheka, onani ngati pakati pa mano awiri akutsogolo pakuyang'anizana ndi pakati pa mlomo wam'mwamba. Dzino limodzi likakhala pakatikati penipeni, bwerezani. Mpata wa pakati pa mano ake uja ndinaujambula ndekha, kamzere kakuda ka mapikiselo awiri, ndisanayambe, ndipo pa 0.35 unatsala.

Khutu ndi nkhani ina. Dzanja lililonse labwino la khungu lofanana lingakwane, palibe amene angazindikire. Khutu ayi: kukula kwake, kaya kansonga kam'munsi n'kolendewera kapena komatirira, zonsezi achibale amazidziwa. Chigamba chimatha kukonza khutu lopindika molakwika kukhala khutu labwino, koma sichingabweretse khutu lake, chifukwa palibe paliponse pamene modelo inaliona. Ndinamupempha chithunzi china atatembenukira mbali yomweyo, ndinadula khutu, ndinalimata pamalo pake, ndinafananiza mtundu, kenako `Only masked` pa 0.25 kungoti msoko usaoneke. Kupitirira 0.4 linayamba kubwerera ku khutu la aliyense. Ngati munthu wavala ndolo, konzani khutu lililonse palokha ndipo muziyerekeze, chifukwa modelo siikumbukira zimene yaika mbali inayo.

Amafunsanso ena ngati pakufunika modelo yopangidwira zigamba, monga `sd-v1-5-inpainting`. Imeneyi imalandira chithunzi chozungulira ndi malo opakidwa monga zolowa zapadera, ndiye imalumikiza bwino ngakhale pa 1.0. Imafunika pamene mukufufuta dzanja lonse kuti liyambirenso. Pa mphamvu zotsika za mano ndi khutu, modelo yomwe inajambula chithunzicho ndiyo yabwino, chifukwa khungu limatuluka lofanana.

Khungulo muliyang'anitsitse. Pa msuweni wanga, yemwe ndi wakuda, dzanja latsopano linkatuluka loyererako kuposa mkono, makamaka mphamvu ikadutsa 0.6. Pa sikirini yaikulu sindinaone. Ndinaona nditachepetsa chithunzi kufika saizi ya pa foni, dzanja likuoneka ngati wavala gulovu. Ndinatchula mtundu wa khungu m'mawu olamula, ndinasuntha malire a chigamba kuti athere pa mkono wa jekete m'malo mothera pakhungu, ndipo ndinakweza `Mask blur` kufika 12. Nditamutumizira, anayang'ana kanthawi, n'kufunsa chifukwa chake kapu ilibe nthunzi.