Kugawana pakati kapena kulipira pa kilomita: galimoto imodzi, mabizinesi awiri

Tiyerekeze kuti ophika buledi ku Area 25 ndi ogulitsa mazira agula limodzi kagalimoto konyamulira katundu. Pa mgwirizano wawo, mutu wovuta kwambiri ndi wa ndalama zoyendetsera galimotoyo.

Njira yoyamba ndi kugawana pakati chilichonse: mafuta, matayala, inshulansi. Njosavuta kulemba, ndipo imayenda bwino ngati maulendo anu ndi ofanana. Koma ngati a buledi amangozungulira m'tauni makilomita 300 pa mwezi, pamene a mazira amafika ku Dedza ndi ku Salima n'kukwanitsa 900, a buledi akulipirira ulendo wa anzawo. Mudzazindikira vutoli wina akayamba kubweza galimoto thanki itauma gwa.

Njira yachiwiri ndi kope lokhala m'galimoto. Aliyense amalemba tsiku, nambala ya makilomita ponyamuka ndi pobwera, n'kusaina. Pakutha pa mwezi, pa ndalama za mafuta ndi sevisi, a buledi alipira gawo limodzi mwa magawo anayi, a mazira atatu. Ine ndimakonda iyi, ngakhale imafuna khama, chifukwa tsiku limodzi losalembedwa limabutsa mkangano. Lembani mumgwirizano kuti makilomita osowa mwini agawidwa pakati.

Inshulansi ndi COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndizo zokha zoti zigawidwebe mofanana, poti zimalipiridwa ngakhale galimoto itangoima. Ndipo musaiwale kulemba kuti chindapusa cha apolisi apamsewu alipira ndi amene anali ndi makiyi tsikulo.