Pulani ya masiku 90, nkhani ya zomwe munachita, kapena mafunso: chopita nacho kwa bwana wamkulu pa intaviyu yachiwiri

Akakuitanani kachiwiri kuti mukaonane ndi mkulu wa kampani, dziwani kuti funso lakuti kodi ntchitoyi mungaithe layankhidwa kale. Omwe munakumana nawo koyamba, a ku ofesi yolemba anthu ntchito ndi manejala wa dipatimenti, anaona mapepala anu n'kukhutira. Bwana wamkulu sabwerezanso zimenezo. Nthawi zambiri sakhala ndi pepala la mafunso, amakudulani mawu, ndipo amatha kukakamira pa mfundo imodzi mpaka nthawi kutha. Akufuna aone ngati angakusiyireni chigamulo chokhudza ndalama za kampani iye osayang'ana kumbuyo. Kuona patali komwe mabwana amafuna kumatanthauza kusankha chinthu chimodzi n'kusiya china, mukudziwa mtengo wa chomwe mwasiyacho.

Anthu amakonzekera m'njira zitatu, ndipo sizifanana mphamvu. Tiyerekeze kuti mukufunsira udindo wa manejala wogulitsa malonda pa kampani yopanga sopo ndi mafuta ophikira ku Blantyre, yomwe zipangizo zake zambiri imaitanitsa kunja.

Njira yomwe ambiri amaikonda ndi kubwera ndi pulani ya masiku 90 yolembedwa bwino: mwezi woyamba ndidzaphunzira, wachiwiri ndidzakonza zolakwika, wachitatu malonda adzakwera. Ubwino wake ndi woti imasonyeza khama, komanso imakupatsani pogwira mukachita mantha. Koma pulani yotere imalembedwa ndi munthu amene sanaonepo mabuku a kampani. Mukanena kuti mudzatsegula depoti ku Mzuzu, bwanayo angakufunseni modekha kuti, "Katundu wodzaza depotiyo achokera kuti, pomwe fakitale ikudikira ndalama zakunja zogulira zipangizo?" Apa pulani yonse yagwa, ndipo mwaoneka ngati munthu wothamangira mankhwala asanadziwe matenda. Mungaidziwe pulani yofooka poiyesa motere: chotsani dzina la kampani n'kuikapo la kampani ina. Ikamvekabe bwino, ndiye kuti mulibe kanthu m'menemo.

Njira yachiwiri ndi kufotokoza chigamulo chimodzi chovuta chomwe munapangapo. Iyi ndi yomwe ine ndimaiika patsogolo, koma imafuna kusamala, chifukwa nkhani yomwe inakupambanitsani pa intaviyu yoyamba siyokwanira pano. Koyamba kuja munanena vuto, zomwe munachita ndi zotsatira zake. Bwana wamkulu akufuna kumva zomwe zinali pakati: njira zina zomwe zinalipo, chifukwa chomwe munazikanira, ndi chomwe munataya posankha.

Taonani kusiyana kwake pa nkhani imodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Wofunsira wina anganene kuti, "Nthawi imeneyo ndinalimbikitsa anyamata anga ndipo malonda sanatsike." Mawuwa sauza bwana chilichonse. Wina anganene motere: "Bwana, ogula athu opikula ankatenga katundu pa ngongole ya masiku 30. Ngongole ya K11.8 miliyoni, yomwe ikanagula zipangizo za madola 10,000, itabwezedwa kwacha itagwa inangokwana madola osafika 7,000. Panali njira ziwiri. Tikanakweza mitengo kwa onse n'kusiya ngongole momwe inalili, kapena kufupikitsa ngongole kufika masiku 7 n'kuchotserako pang'ono mtengo kwa olipira pompopompo. Ndinasankha yachiwiri, ndikudziwa kuti ogula ena akuluakulu apita kwa opikisana nafe. Awiri anapitadi. Koma ndalama zinkalowa msanga ndipo fakitale sinaime."

Yankho lachiwirili likusonyeza kuti munthuyu sakuona malonda okha. Akuona ulendo wonse wa ndalama, kuchoka m'manja mwa wogula, kudutsa ku banki, mpaka kukafika kwa wogulitsa zipangizo kunja. Wavomerezanso poyera kuti panali chotaya, ndipo mabwana amakhulupirira munthu wotere kuposa amene zonse zinamuyendera bwino. Yembekezerani kuti akufunsani mokumba: "Nanga akanachoka asanu?" kapena "A ku akaunti anagwirizana nazo?" Ngati chigamulocho munapanga nokha, mafunsowa simuvutika nawo. Ngati munangokhalapo pomwe ena ankagamula, funso lachiwiri lomwelo likuululani, choncho nenani mosabisa gawo lomwe linali lanu.

Malire a njirayi ndi oti imayang'ana kumbuyo. Nkhani yabwino ya kumene munachokera siisonyeza kuti mwamvetsa kampani yomwe mukufuna kulowayi. Komanso amene akukwera kumene udindo mwina sanapangepo chigamulo chachikulu chotere. Ngati ndi choncho, chaching'ono chomwe chinali chanu, monga kusintha masiku omwe galimoto imapita ku Mulanje ndi ku Thyolo nthawi yomwe mafuta ankasowa, chimaposa chachikulu chobwereka.

Njira yachitatu ndi kufunsa mafunso. Ambiri a ife tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa mafunso ambiri, ndiye bwana akati, "Muli ndi funso?" timayankha kuti zonse zamveka. Pa intaviyu yachiwiri kuyankha choncho n'kudzimana mwayi. Funso labwino limachokera pa zomwe mwawerenga. Makampani omwe ali pa msika wa masheya wa Malawi amatulutsa lipoti la pachaka, ndipo mawu a wapampando ndi a mkulu wa kampani kumayambiriro kwake amanena zomwe zikuwasowetsa tulo. Kwa kampani yosatulutsa lipoti, pitani ku Limbe mukaone mitengo ya katundu wawo pambali pa wa anzawo, mucheze ndi eni mashopu. Kenako mungafunse kuti, "Bwana, ndaona kuti timabotolo tating'ono ta mafuta timasowa m'mashopu pomwe zigubu za malita 5 zilipo. Kodi n'chosankha cha kampani, kapena vuto lili ku fakitale?" Funso limenelo ndi laulemu ndithu, ndipo likusonyeza kuti munayenda. Kuipa kwa njirayi n'koti payokha siikwanira. Munthu wongofunsa osanena maganizo ake amaoneka wozemba, ndipo bwana akabweza funso kuti, "Inuyo mukuona bwanji?" muyenera kusankha mbali, ngakhale mutayamba ndi kunena zomwe mukuganizira kuti ndi zoona.

Ndikaziika pamodzi, nkhani ya chigamulo ndiyo iyenera kutenga nthawi yambiri yokonzekera: nkhani ziwiri zokha, manambala ake muli nawo pamtima, iliyonse yotha kuifotokoza m'mphindi zitatu. Mafunso awiri kapena atatu ochokera pa zomwe mwaona akhale othandizira, ndipo musawasungire kumapeto ngati mpata wapezeka pakati. Pulani ya masiku 90 imapambana pawiri pokha: akaipempha okha m'kalata yokuitanani, kapena mukakhala wa m'kampani momwemo ndipo mabuku mukuwadziwa. Akaipempha inu muli wakunja, ichepetseni ikhale tsamba limodzi, ndipo pa mfundo iliyonse lembani chomwe mukufuna kutsimikiza musanachite. Mwachitsanzo, depoti ya ku Mzuzu idikire kaye mpaka mutaona ngati fakitale ili ndi katundu wotsala pamwezi, komanso kuti ogula a kumpoto amatenga masiku angati kuti alipire.