Seva yatsopano, indekisi kapena kuchotsa zakale: Odoo ikayamba kukwawa musankhe chiti?

Pasitolo ina ya zipangizo zaulimi pa Dedza Boma, yomwe ndimaithandiza za makompyuta, amagwiritsa ntchito Odoo, pulogalamu yosungira malonda ndi maakaunti, yokhala pa databesi ya PostgreSQL. Amagulitsa feteleza ndi mbewu pangongole ku makalabu a alimi a ku Bembeke, Linthipe ndi Mayani. Chaka choyamba, mlembi akadina dzina la kalabu kuti aone ngongole yake, yankho linkabwera pompopompo. Pofika chaka chachisanu ankadikira masekondi 40, ndipo mu Novembala, mvula ili pafupi, mzere unkafika kukhonde.

A manejala ankafuna seva yatsopano. A akauntanti ankati tichotse malekodi a zaka zakale. Ine ndinapempha tsiku limodzi loti ndiyeze kaye, chifukwa njira zimenezi zimachiza matenda osiyana.

Kuchuluka kwa mizere kumadabwitsa ambiri. Invoisi imodzi simalemba mzere umodzi mu tebulo la `account_move_line`, momwe Odoo imasunga mizere ya maakaunti. Katundu aliyense amakhala ndi mzere wake, ngongole ya wogula wake, ndipo akalipira imabweranso ina iwiri. Pamenepa inkakwana pafupifupi 6 pa invoisi. Mainvoisi 400 patsiku, masiku 300 pachaka, ndiye kuti mizere 720,000 chaka chilichonse, ndipo pa zaka 5 inali itafika 3,600,000.

Choyamba ndinafuna kutsimikiza kuti vuto si netiweki, poti kuno ndi imene timathamangira kuiloza chala. Ndinatsegula sikirini yomweyo nditakhala pa seva penipeni, ndipo inachedwa chimodzimodzi. Ikanathamanga pa seva n'kumachedwa kunthambi kokha, nkhani ikanakhala ya intaneti. Kenako ndinauza PostgreSQL kuti izilemba funso lililonse lodutsa sekondi imodzi, poika `log_min_duration_statement = 1000`. Pofika masana funso limodzi linali litaonekera kambirimbiri, ndipo ndinaliyeza motere:

```sql
EXPLAIN (ANALYZE, BUFFERS)
SELECT sum(balance) FROM account_move_line
WHERE x_kalabu_id = 41 AND parent_state = 'posted';
```

Yankho linaonetsa `Seq Scan`, ndipo pa `Rows Removed by Filter` panali mizere yoposa 3,500,000. Databesi inkawerenga tebulo lonse kuti ipezemo mizere pafupifupi 2,000 ya kalabu imodzi, ngati munthu wofuna risiti ya mlimi mmodzi amene akukhuthula makatoni onse a m'sitolo. Danga la `x_kalabu_id` linawonjezeredwa pambuyo pake ndi amene anawakonzera pulogalamuyi, ndipo Odoo siika yokha indekisi, kalozera wothandiza databesi kupeza mizere msanga, pa danga lotere ngati simunaiuze. Tebulo lili laling'ono palibe anazindikira.

Seva yatsopano ikanathandiza, sindikana. Disiki ya SSD ndi ramu yochuluka zikanatsitsa masekondi 40 aja kufika ochepa. Koma databesi ikanapitirizabe kuwerenga tebulo lonse munthu akangodina, ndipo chaka chilichonse mizere 720,000 ikuwonjezeka. Ndalama zambiri zikanapita, kuchedwa n'kudzabweranso. Chinanso, seva yawo inali ndi ramu ya 16GB koma `shared_buffers`, gawo la ramu limene databesi imasungiramo zimene yawerenga ku disiki, inali idakali pa 128MB, momwe PostgreSQL imabwerera. Ambiri amayambira pa gawo limodzi mwa magawo anayi a ramu, ndiye tinaika 4GB n'kuyatsanso databesi usiku. Kugula makina ena musanaone zimenezi n'kumanga nkhokwe yachiwiri yoyamba ili ndi malo.

Indekisi sinatidyere ndalama iliyonse:

```sql
CREATE INDEX CONCURRENTLY aml_kalabu_idx
ON account_move_line (x_kalabu_id);
```

Mawu akuti `CONCURRENTLY` musawasiye. Popanda iwo, palibe angalembe mu tebulolo mpaka indekisi ithe kumangidwa, ndipo a pakauntala adzangoona invoisi ikukana kusungika makasitomala ali patsogolo pawo. Mukawaika, kumanga kumatenga nthawi yaitali koma malonda saima. Magetsi akazima ntchito ili pakati, indekisi imatsala yolembedwa `INVALID`. Mudzaiona polemba `\d account_move_line`, ndipo muyenera kuichotsa n'kuyambanso. Ife tinamanga titatenga bakapu, jenereta ili chire. Titayezanso funso lija, `Seq Scan` inali itachoka ndipo yankho linabwera sekondi isanakwane. Mlembi anadina kalabu ina, kenako inanso, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mwachotsamo chiyani?" Sitinachotse mzere ngakhale umodzi.

Komabe indekisi ili ndi malire ake, ndipo apa m'pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amaiika pa danga lililonse. Indekisi iliyonse imafunika kulembedwanso invoisi ikamasungidwa, choncho zikachuluka, kugulitsa n'kumene kumayamba kuchedwa. Komanso imagwira ntchito pamene mukufuna mizere yochepa pakati pa yambiri. Lipoti la a akauntanti lowonkhetsa maakaunti onse kuyambira tsiku lotsegulira sitolo linachedwabe, ndipo m'pomveka, poti liyenera kuwerenga pafupifupi mzere uliwonse. PostgreSQL imasankha dala `Seq Scan` pamenepo, ndipo sikulakwitsa. Lipoti lotere ndi limene limapindula ndi SSD ndi ramu. Mukaona `external merge` ndi `Disk` m'yankho la `EXPLAIN`, ndiye kuti kusanja kwasefukira ku disiki chifukwa `work_mem`, ramu yosanjira mizere yomwe imabwera pa 4MB, yachepa. Ikwezeni pang'onopang'ono, chifukwa funso lililonse limatenga gawo lakelake, ndipo anthu khumi akatsegula malipoti nthawi imodzi ramu imatha.

Za kuchotsa zakale ndinakana ndithu. Ngongole ya kalabu sinalembedwe pamalo amodzi, imapezeka powonkhetsa mizere yake yonse. Mukafufuta ya chaka choyamba, kalabu imene inabweza mochedwa idzaoneka ngati inalipira mopitirira, chifukwa malipiro atsala koma invoisi yapita. Mizereyo yalumikizananso ndi malipiro ndi katundu wa m'sitolo, ndipo a MRA kapena owerengera mabuku akabwera adzafuna zakalezo. Njira yake yabwino ilipo: kutseka chaka, kuyamba databesi yatsopano ndi mabalansi otsegulira, yakale n'kuisunga yongowerenga. Koma ndi ntchito ya masabata, yofuna akauntanti akhale pambali panu, ndipo pambuyo pake kufananitsa malonda a zaka ziwiri kumafuna kutsegula madatabesi awiri. Pa mizere 3,600,000 sindinaone chifukwa chovutikira choncho, PostgreSQL imanyamula yoposa pamenepa bwinobwino. Batani la `Archive` lisakupusitseni, limangobisa kasitomala kapena katundu pa sikirini koma mizere yake imakhala momwemo.

Ndiye sikirini imodzi yokha ikamachedwa, ina ili bwino, ndipo `Rows Removed by Filter` ikuposa kutali mizere yobwera, pitani ku indekisi. Zonse zikamachedwa limodzi nthawi ya makasitomala ambiri, onani kaye `shared_buffers` ndi `workers` ya Odoo, yogawira ntchito anthu akachuluka, yomwe imabwera pa 0, musanalankhule za seva. Pasitolo ija a manejala anagula disiki ya SSD yokha m'malo mwa seva yonse, tinasamutsira databesi Lamlungu, ndipo `log_min_duration_statement` tinaisiya yoyaka. Ndimaiwerenga mu Okutobala, alimi asanayambe kubwera kudzatenga feteleza.