Kawirikawiri, peresenti kapena mmodzi mwa anthu 10: tilembe ziti pa kapepala ka mankhwala?

Anzanga omasulira zazaumoyo muno mu Lilongwe akhala akundifunsa kangapo kuti mawu achingerezi aja a pa kapepala ka m'bokosi la mankhwala, akuti komoni ndi reya, onena za kuchuluka kapena kusowa kwa mavuto obwera ndi mankhwalawo, ndimawalemba bwanji m'Chichewa. Njira zimene ndaona anthu akugwiritsa ntchito zilipo zitatu. Imodzi mwa izo ndili nayo chifukwa, poti inawadwalitsa azakhali anga a ku Kawale, ndipo ndiyambira pomwepo.

Azakhaliwo atawapeza ndi matenda a shuga anawapatsa metifomini. Patapita masiku, mnzawo wina anawapatsa pepala lafotokope lofotokoza mankhwalawo m'Chichewa, lopanda dzina la amene analimasulira. Pamwamba panali mutu wakuti "Zochitika kawirikawiri", pansi pake kutsekula m'mimba, nseru, kusanza ndi kusafuna kudya. Chakumunsi kunali mutu wina wakuti "Zochitika nthawi zina", ndipo pamenepo panalembedwa za asidi wochuluka m'magazi amene angathe kupha munthu. Azakhali anawerenga, nakulunga mapiritsiwo m'kajumbo n'kuwaika pansi pa sutikesi. Anakhala milungu itatu osamwa. Nditapita kukawaona ndinapeza chigubu cha madzi pambali pa bedi, akudandaula ludzu losatha ndi kudzukadzuka usiku kukataya madzi. Nditawafunsa anati, "Mwana wanga, alemba okha kuti ndizitsekula m'mimba kawirikawiri, ndiye nthawi zina ndikhoza kufa. Ine ndimwe zimenezo?"

Azakhali sanalakwitse kuwerenga. Anamva ndendende zimene Chichewacho chinkanena. Vuto la njira yoyambayi, yogwiritsa ntchito mawu ngati kawirikawiri, nthawi zambiri, nthawi zina, mwa apo ndi apo, kamodzikamodzi, ndi lakuti onsewa ndi mawu owerenga nthawi. Ukauza munthu kuti magetsi amazima kawirikawiri, amadziwa kuti azima kwa iyeyo, lero, mawa ndi mkuja. Koma kapepala ka mankhwala sikawerenga nthawi ayi, kamawerenga anthu. Funso limene kakuyankha ndi lakuti, mwa anthu onse omwa mankhwalawa, ndi angati amene vutoli lingawagwere? Womasulira akasintha funsoli, wodwala amamva kuti vutolo ndi lake ndithu, chatsala n'kudziwa kuti lizimubwerera kangati.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa timapepala totsata malamulo a ku Ulaya, mawu achingereziwo ali ndi malire ake a manambala. Gulu la pamwamba penipeni ndi la mavuto ogwera anthu oposa mmodzi mwa 10 aliwonse. Komoni ndi kuyambira mmodzi mwa 100 mpaka kuchepera mmodzi mwa 10. Kenako pali gulu lapakati, losafika mmodzi mwa 100. Reya safika mmodzi mwa 1,000, ndipo gulu lotsiriza silifika mmodzi mwa 10,000. Ndiye taonani: vuto lotchedwa komoni ndi loti mwa anthu 100, osachepera 90 saliona n'komwe. Amene amathawa "kawirikawiri" n'kulemba kuti "zimachitikira anthu ambiri" wathawa mvula n'kugwera m'chithaphwi, chifukwa kwathu kuno "anthu ambiri" ndi gulu loposa otsalawo. Walemba bodza, ngakhale mtanthauziramawu amuvomereze.

Pa pepala la azakhali lija, asidi wa m'magaziyo ali m'gulu lotsiriza, losafika mmodzi mwa 10,000. Womasulirayo anamupatsa "nthawi zina", mawu omwe timanenera mvula ya mu Novembala. Bwalo la Bingu likadzaza limatenga anthu pafupifupi 40,000. Onsewo atakhala kuti akumwa metifomini, tikunena za anthu osapitirira 4 m'bwalo lonselo. Zimenezi azakhali sanauzidwe, ndipo zimandipwetekabe mtima, poti shuga wosasamalidwa amawononga maso, impso ndi mapazi mwakachetechete.

Wina anganene kuti vuto ndi Chichewa chathu, koma ayi. Kafukufuku wa ku Britain amene anatuluka m'magazini ya zamankhwala ya Lancet mu 2002 anapeza kuti eni Chingerezi omwe, akapatsidwa mawu okhaokha opanda manambala, amakokomeza chiopsezo kwambiri. Komoni ankamuyesa wogwera anthu oposa 40 pa 100. Ngati eni ake amasochera choncho, n'kosatheka kuti ife tipeze liwu limodzi lachichewa loti lisenze lokha katundu ameneyu. Ubwino wa njira yoyambayi ndi umodzi wokha, imatenga malo ochepa papepala.

Njira yachiwiri ndi ya peresenti. Pa magulu a pamwamba imagwira ndithu, poti amene anazolowera chiwongoladzanja cha banki m'khonde amadziwa 10 peresenti. Ikafika pa reya imagwa. Muyenera kulemba 0.1 peresenti, kenako 0.01 peresenti, ndipo kadontho kaja pa fotokope yachitatu sikaonekanso. Ngakhale kaoneke, mdzukulu amene akuwerengera agogo ake mokweza atchula bwanji? Ndimaigwiritsa ntchito pa zolembera anamwino ndi azachipatala basi.

Yachitatu, imene ndimaikhulupirira, ndi yowerenga anthu: mmodzi mwa 10, mmodzi mwa 100. Koma nayonso ili ndi misampha iwiri, ndipo ndimaona anzathu akukodwamo.

Msampha woyamba ndi kutaya mawu aang'ono osonyeza malire. Pa komoni, Chingerezi cha pa kapepala chimanena kuti vutolo lingagwere anthu mpaka kufika mmodzi mwa 10, kutanthauza kuti pamenepo ndiye pothera, likhoza kukhala la anthu awiri okha pa 100. Womasulira wofulumira amalemba kuti "munthu mmodzi mwa 10 aliwonse amamva mutu", ndipo denga lija lasanduka chiwerengero chenicheni, "angamve" wasanduka "amamva". Pa gulu la pamwamba zimatembenuka: pamenepo ndi oposa mmodzi mwa 10, ndiye ukataya "oposa" magulu awiriwa amafanana ndendende. Ine ndikamaliza kumasulira ndimabwerera ndi cholembera chofiira kufufuza mawu atatu okha pa mutu uliwonse: "oposa" kapena "osapitirira", "-nga-" wa m'mneni, ndi "omwa mankhwalawa".

Msampha wachiwiri ndi wa maso. Munthu akaona 100 pamzere uwu ndi 10,000 pamzere uwo, diso limathamangira nambala yaikulu n'kuganiza kuti kumeneko ndiye koopsa. Ena amathetsa zimenezi poika magulu onse pa nambala imodzi, monga 100 mwa 1,000, 10 mwa 1,000, mmodzi mwa 1,000. Ndinayesapo. Kuyerekeza kumaphweka, koma 100 mwa 1,000 amaopsa kuposa mmodzi mwa 10 ngakhale ali ofanana, komanso gulu lotsiriza silikwanamo. Ndiye ndimasunga manambala a kapepala koyambirira, koma kutsogolo kwake ndimaika mawu onena za anthu, otsika ngati makwerero: anthu ena, anthu ochepa, anthu ochepa kwambiri, anthu ochepetsetsa. Mawu amaonetsa kumene makwerero akulowera, nambala imaonetsa kukula kwake, ndipo sindilola kuti china chiime popanda chinzake. Powerenga mokweza ndimati teni sauzande, osati zikwi khumi, chifukwa aliyense amaidziwa nambalayo kudzera m'ndalama.

Pepala la azakhali ndinalilembanso motere. Mutu woyamba: "Zingachitikire anthu oposa mmodzi mwa 10 aliwonse omwa mankhwalawa: nseru, kusanza, kutsekula m'mimba, kupweteka m'mimba, kusafuna kudya. Zimenezi zimabwera makamaka poyamba kumwa mankhwalawa ndipo kwa ambiri zimatha zokha. Kumwa mapiritsi pakudya kapena mutangodya kumathandiza." Ziganizo ziwiri zomalizazo zili pa kapepala kachingerezi, koma womasulira uja anazisiya, mwina posunga malo. Mutu wachiwiri: "Zingachitikire anthu ena, osapitirira mmodzi mwa 10: kusintha kwa kakomedwe ka chakudya m'kamwa."

Pa asidi uja m'pamene ndinakhalitsa, chifukwa apa pali ngozi ina yotsutsana ndi yoyamba ija. Ukanenetsa kuti n'zosowa, wodwala akhoza kuganiza kuti n'zazing'ono. Kusowa kwa vuto ndi kuopsa kwake ndi nkhani ziwiri, ndipo Chichewa chathu chimatha kuzisakaniza: "zochepa" angamveke ngati zosadetsa nkhawa. N'chifukwa chake "ochepa" ndimamumangirira nthawi zonse ku "anthu", osati ku vutolo. Ndinalemba kuti: "Zingachitikire anthu ochepetsetsa, osapitirira mmodzi mwa 10,000, koma n'zoopsa kwambiri: asidi wochuluka m'magazi. Ngati mukusanza, m'mimba mukupweteka, minofu ikukokana, mwafooka kwambiri ndipo mukupuma movutikira, siyani kumwa mankhwalawa ndipo pitani kuchipatala nthawi yomweyo." Ndinasunganso chenjezo lakuti chiopsezochi chimakwera kwa amene impso zawo sizikugwira bwino, omwa mowa kwambiri, ndi amene madzi atha m'thupi chifukwa cha kusanza kapena kutsekula m'mimba kwambiri. Nambala ya 10,000 ija ndi ya gulu lonse, siimuteteza munthu wa impso zofooka.

Pali gulu linanso limene ndaliona litamasuliridwa kuti "zosadziwika". Tanthauzo lake ndi lakuti vutolo laonekapo kwa anthu ena, koma chiwerengero chawo sichingatheke kuchiwerengera ndi umboni umene ulipo. Lembani choncho, ngakhale chiganizo chitalike. Komanso si kapepala kalikonse kofika m'mafamase athu kamene kamatsata malire a ku Ulaya aja. Kakangonena kuti reya popanda nambala, musaikepo nambala yanu. Funsani amene wakupatsani ntchitoyo akupezereni chikalata cha kampani yopanga mankhwalawo chosonyeza magulu amene anagwiritsa ntchito.

Poyesa ngati zamveka sindifunsa kuti "mwamva?", poti aliyense amavomera mwaulemu. Ndimawerenga nyemba 100 n'kuzithira m'lichero, ndimawerenga mutu umodzi mokweza, kenako ndimapempha munthuyo apatule nyemba zoimira anthu amene vutolo lingawagwere. Ndimachita zimenezi ndi anthu angapo a misinkhu yosiyana, aliyense payekha. Ndi azakhali ndinayamba ndi pepala lakale lija. Pa "nthawi zina" anakankhira kumbali dzanja lodzaza. Nditawawerengera mzere watsopano wa 10,000 anagwira nyemba imodzi, n'kuibweza, n'kufunsa kuti, "Ndiye malichero angati?" Ndinawayankha kuti malichero 100 ngati limeneli, nyemba imodzi yokha mwa onsewo, mwinanso osapezeka. Mawa lake tinakwera minibasi limodzi kubwerera kuchipatala, anakawayeza shuga ndi impso, ndipo adokotala anawayambitsanso metifomini pa mlingo wochepa woti azikweza pang'onopang'ono.